Momwe mungalembere nkhani yaifupi ya mtsikana amene wamvetsa alijebura mayeso atayandikira

Nkhani zambiri za wophunzira amene ankavutika ndi masamu zimafooka pa malo amodzi. Pa tsamba loyamba mtsikana akulira chifukwa walephera, pa tsamba lomaliza wakhoza mayeso, koma pakati pake pamakhala chiganizo chimodzi chokha: "Atawerenga mayankho aja, zonse zinayamba kumveka." Wowerenga sauzidwa chimene chinamveka, kapena chimene chinkamusokoneza poyamba. Ndiye sakhulupirira, ndipo chimwemwe cha mtsikanayo sichimufika pamtima.

Malangizo awa ndi a momwe mungalembere pakati pamenepo. Mtsikana wa ku sekondale ali ndi pepala la mafunso oyeserera limene lili ndi mayankho ofotokozedwa mzere ndi mzere, mayeso atsala pang'ono, ndipo wowerenga ayenera kuona ndi maso ake mzere umene wasintha zinthu.

Zofunika musanayambe

- Pepala la mafunso a maikweshoni osavuta, okhala ndi chilembo chimodzi chosadziwika, monga 2x + 5 = 17. Mafunso asanu ndi atatu kapena khumi akwana.
- Mapepala awiri opanda kanthu: lina lolembapo njira yolondola, lina lolembapo njira yolakwika ya mtsikanayo.
- Bolopeni yofiira yochongera nokha.
- Anthu awiri odzawerenga nkhaniyo ikatha: wina wodziwa masamu, wina amene masamu amawaopa.
- Malire a utali. Mawu 1,500 mpaka 2,000 ndi okwanira, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu lipite ku mphindi imene mtsikanayo ali ndi pepala lija.

1. Sankhani cholakwika chimodzi chokha

Musalembe kuti mtsikanayo "sadziwa alijebura". Palibe wophunzira amene amafika pa mayeso osadziwa kalikonse. Amakhala ndi lamulo linalake m'mutu, limene limagwira ntchito pena n'kumugwetsa pena, ndipo iye sadziwa chifukwa chake. Ntchito yanu yoyamba ndi kupeza lamulolo.

Lamulo loyenera nkhaniyi ndi limene ophunzira ambiri amaloweza pamtima: "Nambala ikawoloka chizindikiro cha =, imasintha chizindikiro chake." Pa 2x + 5 = 17 lamuloli limayamba bwino. Nambala 5 ikawoloka ikhala −5, ndiye 2x = 12, ndipo apa palibe cholakwika. Vuto lili pa mzere wotsatira. Mtsikanayo amaona 2 waima pafupi ndi x, amamuwolotsa nayenso, n'kumusintha chizindikiro:

```
2x + 5 = 17
2x = 17 − 5
2x = 12
x = 12 − 2
x = 10
```

Yankho lolondola ndi 6, chifukwa 2x amatanthauza 2 kuchulukitsa ndi x, ndipo chimene chimamasula kuchulukitsa ndi kugawa, osati kuchotsera.

Cholakwika chimenechi n'chabwino kwa wolemba chifukwa mtsikanayo si waulesi ndipo si wopepera. Amatsatira zimene anamva m'kalasi mokhulupirika. Mizere iwiri yoyambirira amakhoza nthawi zonse, n'chifukwa chake amapatsidwa malikisi ochepa pa funso lililonse koma osafika pa yankho. Munthu wotere amamva kuwawa kwina kumene wosawerenga samva: wachita khama, kope ladzaza, koma mzere wofiira umagwera pa malo omwewo.

Chenjezo: musamupatse mavuto atatu nthawi imodzi, monga mabulaketi, manambala a mayinasi ndi magawo a manambala. Pepala limodzi silingathetse zonsezo usiku umodzi, ndipo wowerenga wodziwa masamu adzaona kuti mwakokomeza.

2. Sankhani manambala oti aonetse cholakwikacho

Werengerani funso lililonse limene mudzaike mu nkhani kawiri, m'njira yolondola ndi m'njira ya mtsikanayo, pa mapepala awiri aja. Mayankho awiriwo ayenera kusiyana.

Izi zikuoneka zodziwikiratu, koma pali msampha. Tayesani 2x + 5 = 9. Mukachotsera 5 mutsala ndi 2x = 4. Njira yolondola ikupereka 4 ÷ 2 = 2. Njira ya mtsikanayo ikupereka 4 − 2 = 2. Mayankho afanana! Mukagwiritsa ntchito funso limeneli poonetsa kulephera kwake, nkhani yonse yagwa, chifukwa iye wakhoza.

Komabe musalitaye funso limeneli. Likhoza kufotokoza chifukwa chimene wakhulupirira lamulo lake kwa nthawi yaitali. Chiganizo chimodzi chokumbukira tsiku limene anakhoza funso la 2x = 4 pa bolodi, kalasi yonse ikuona, chingauze wowerenga kuti lamulo lolakwikalo linamupatsapo ulemu, n'chifukwa chake salikayikira.

Manambala akhale aang'ono, yankho likhale nambala yathunthu. Wowerenga azitha kuwerengera m'mutu osasiya nkhani. Kupatula funso lokumbukira lija, mu nkhani yonse musapitirire maikweshoni atatu: imodzi yolepherera, imodzi yoyeserera, imodzi ya pa mayeso.

3. Lembani pepala la mayankho ngati lenileni

Pepala limeneli ndi limene lisinthe mtsikanayo, choncho liyenera kunena chinachake chimene sanachimvepo. Mndandanda wa mayankho okha, "1. x = 6, 2. x = 5", sungamuthandize. Wakhala akuona mayankho otere chaka chonse, ndipo amangomuuza kuti walakwa. Pepala lanu likhale ndi chifukwa pambali pa mzere uliwonse:

```
2x + 5 = 17
2x + 5 − 5 = 17 − 5
2x = 12
2x ÷ 2 = 12 ÷ 2
x = 6
```

Pambali pa mzere wachiwiri lembani: "5 anawonkhetsedwa, choncho tichotsera 5 mbali zonse ziwiri." Pambali pa mzere wachinayi: "2 akuchulukitsa x, choncho tigawa ndi 2 mbali zonse ziwiri." Pansi pake ikani mzere wotsimikizira: 2 × 6 + 5 = 17.

Onani kuti m'mizere imeneyi mulibe nambala imene yawoloka. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu yonse. Mtsikanayo wakhala akuganiza kuti manambala amasamuka, pomwe zoona zake n'zakuti mbali ziwiri za ikweshoni n'zofanana, ndipo chilichonse chochitidwa mbali imodzi chiyenera kuchitidwanso mbali inayo, monga mmene sikelo ya mbale ziwiri imakhalirabe yolingana mukachotsa kulemera kofanana uku ndi uku. Mzere wachiwiri ndi wachinayi ndi imene aphunzitsi othamangira nthawi amailumpha pa bolodi, chifukwa kwa iwo n'njodziwikiratu. Wophunzira amangoona 5 ali kumanzere, kenako −5 ali kumanja, n'kudzipangira tanthauzo lake.

Sankhaninso kumene pepalalo lachokera. Akhoza kukhala aphunzitsi amene aligawa kwa kalasi yonse, kapena mnzake amene wamubwereka. Nenani m'chiganizo chimodzi n'kupitirira. Chenjezo ndi lakuti wopereka pepalayo asakhale naye pansi n'kumufotokozera zonse. Akatero, womvetsa ndi iyeyo, ndipo mtsikana wanu wasanduka womvera chabe.

4. Yambani nkhani iye akulakwitsa molimba mtima

Tsegulani nkhani mtsikanayo ali pa ntchito, osati akulira. Wowerenga amuone akulemba x = 10 mwaukhondo, akudula mizere iwiri pansi pa yankho, akumva kuti lero zatheka. Kenako kope libwere litachongedwa. Ndime ziwiri zikwana.

Ikani nthawi poyera kuyambira pachiyambi: mayeso atsala masiku angati? Masiku asanu mpaka sabata imodzi ndi abwino. Usiku umodzi ndi wochepa kuti wowerenga akhulupirire, ndipo mwezi wathunthu umachotsa phuma lonse.

Ngati mukufuna kukambirana, kukhale kwafupi ndipo kuonetse kuti iye ndi aphunzitsi ake sakumvana ngakhale onse akunena zoona:

"Aphunzitsi, ndalakwitsa pati? Ndawolotsa ngati mmene munanenera."

"Uonenso mzere wachinayi. Pamenepo sitichotsera."

"Nanga pa mzere wachiwiri tachotsera bwanji?"

Belu lilire asanayankhidwe, kapena ophunzira ena afike ndi makope awo. Funso lake lomalizalo ndi funso labwino kwambiri, ndipo liyenera kutsala osayankhidwa kufikira atakhala yekha ndi pepala.

Chenjezo: musawapange aphunzitsi kukhala munthu wankhanza kuti tizimumvera chisoni mtsikanayo. Mdani mu nkhaniyi ndi lamulo limene lili m'mutu mwake. Mukaika mdani wina, wowerenga adzayembekezera kuti mkanganowo ndi umene uthe pa mapeto, ndipo masamu adzaiwalika.

5. Lembani mphindi yomvetsa pang'onopang'ono

Gawo ili ndi limene lifunika malo ambiri, mawu 500 kapena kupitirirapo. Kumvetsa sikubwera kamodzi. Kumabwera m'makwerero anayi, ndipo lililonse lilembedwe.

Poyamba iye athamangira ku yankho lomaliza, monga amachitira wophunzira aliyense. Aona 6 pamene iye analemba 10. Apa palibe chatsopano, ndipo akhoza kufuna kulipinda pepalalo.

Kachiwiri maso ake agwere pa mzere wotsimikizira. Uwu ndi mzere umene sanauonepo, kapena wakhala akuulumpha. Ayese kuika 10 wake pa malo a x: 2 × 10 + 5 = 25. Funso linati 17. Aka n'koyamba kuti aone yekha kuti yankho lake n'lolakwika popanda bolopeni yofiira ya munthu wina. Musathamange apa. Kwa munthu amene wakhala akudikira kuti wina amuuze ngati wakhoza, kuzindikira kuti funso lenilenilo lingamuuze ndi chinthu chachikulu.

Kachitatu aike kope lake pambali pa pepala n'kuyerekeza mzere ndi mzere, chala chili pa kope, chala china pa pepala. Apeze kuti agwirizana mpaka pa 2x = 12, ndipo asiyana pa mzere umodzi wokha.

Kachinayi afunse funso lake lija, ndipo ayankhe yekha. Nayi ndime yoonetsa mmene zingamvekere:

"Anawerenganso mawu a pambali aja. 2 akuchulukitsa x. Anayang'ana 2x kwa kanthawi. Pakati pa 2 ndi x panalibe chizindikiro chilichonse, ndipo iye sanadzifunsepo kuti awiriwo akugwirizana bwanji. Anatenga pensulo n'kulemba m'mphepete mwa kope: x + x = 12. Zinthu ziwiri zofanana, zonse pamodzi 12. Sakanachotsera 2 pamenepo, panalibe 2 woti amuchotse. Chimodzi chinali 6. Anabwerera ku mzere wachiwiri, kumene 5 anachotsedwa kumanzere ndi kumanja komwe, ndipo anafufuza pamene 5 anawolokera. Sanapapeze."

Onani zimene ndimeyi yachita. Mzere wa x + x = 12 suli pa pepala la mayankho, wautulukira yekha. Chimenechi n'chofunika kwambiri. Akangowerenga n'kuvomereza, wowerenga anganene kuti waloweza lamulo latsopano m'malo mwa lakale. Akalemba chinthu chimene palibe anamuuza, timadziwa kuti wamvetsa. Onaninso kuti mulibe mawu onena mmene akumvera. Manja ake ndi pensulo ndi zimene zikulankhula.

Chenjezo lalikulu pa gawo lino: musalembe kuti "mwadzidzidzi zonse zinawala" kapena "maso ake anatseguka". Mawu oterewa amabisa ntchito imene wolemba sanaigwire. Mukaona kuti mwalemba chiganizo chotero, dzifunseni kuti ndi mzere uti wa masamu umene ukuyenera kukhala pamenepo.

6. Muyeseni ndi funso lina, pepala litavundikiridwa

Kuwerenga yankho lofotokozedwa kumanyenga. Munthu amatsatira mzere uliwonse, n'kumva ngati akudziwa, koma akapatsidwa pepala lopanda kanthu dzanja limabwerera ku chizolowezi. Nkhani yoona iyenera kuonetsa zimenezi.

Mtsikanayo atembenuze pepala la mayankho n'kuyesa 3x − 4 = 11. Awonkhetse 4 mbali zonse, apeze 3x = 15. Kenako dzanja lake liyambe kulemba 15 − 3 lisanaganize. Aime, afufute, agawe ndi 3, apeze x = 5. Atsimikize yekha: 3 × 5 − 4 = 11. Atatero ndi pamene atembenuze pepala kuti aone, ndipo akudziwa kale zimene apeze.

Kuterereka kwa dzanja kumeneko kumatenga ziganizo ziwiri zokha, koma musakuchotse. Chizolowezi cha chaka chonse sichichoka usiku umodzi. Masiku otsalawo adutseni mwachangu, m'ndime imodzi: mafunso ochepa tsiku lililonse, mayankho atavundikiridwa, kutsimikizira yankho lililonse asanayang'ane.

7. Mayeso: funso lisakhale lomwe lija

Olemba ambiri amachititsa kuti funso la pa pepala loyeserera lituluke pa mayeso ndendende. Zikatero mtsikanayo wakhoza mwamwayi, ndipo zonse zimene munamanga zapita pachabe. M'patseni funso limene lamulo lake lakale silikanamuthandiza, ndipo pepala lija silinalionetse:

```
x/4 + 1 = 6
```

Achotsera 1 mbali zonse, atsala ndi x/4 = 5. Apa aime, chifukwa sanakumanepo ndi x ali pamwamba pa mzere. Adzifunse funso limene waphunzira: 4 akuchita chiyani kwa x? Akumugawa. Chomasula kugawa ndi kuchulukitsa. Achulukitse ndi 4 mbali zonse ziwiri, apeze x = 20, n'kutsimikiza m'mphepete mwa pepala kuti 20 ÷ 4 + 1 = 6.

Nkhani ikhoza kuthera pomwepo, iye akupita ku funso lotsatira. Simufunika kudikira zotsatira za mayeso. Wowerenga waona kale kuti yankho n'lolondola, ndipo mtsikanayo wadziwanso popanda womuuza, chimene sakanatha pa tsamba loyamba.

8. Perekani nkhaniyo kwa owerenga awiri aja

Wodziwa masamu m'pempheni awerengere mzere uliwonse, kuphatikizapo mizere yolakwika, chifukwa nayo iyenera kulakwika motsatira lamulo la mtsikanayo, osati mwachisawawa. Woopa masamu m'funseni funso limodzi akamaliza: "Kodi mtsikanayu ankalakwitsa chiyani?" Akayankha m'mawu ake kuti ankachotsera pamene amayenera kugawa, gawo lachisanu lagwira. Akati "ankangolephera basi", bwererani mukalitambasule. M'funseninso pamene analumpha mizere. Kawirikawiri ndi pamene mizere ya manambala yatsatizana yambiri popanda mtsikanayo kuchita kanthu, ndipo mankhwala ake ndi kuidula pakati n'kuikapo dzanja lake, maso ake kapena funso lake.

Zolakwika zofala

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusandutsa nkhani kukhala phunziro. Chizindikiro chake n'chakuti ndime ziwiri kapena zitatu zadutsa mtsikanayo osatchulidwa, ndipo wolemba wayamba kunena kuti "tiyeni tione". Masamu onse adutse m'maso ndi m'manja mwa mtsikanayo. Chimene iye sanachione kapena kuchiganiza, chichotseni, ngakhale chikhale cholondola.

China ndi kuopa manambala n'kuwabisa onse. Wolemba amaganiza kuti owerenga athawa akaona x, ndiye amalemba kuti "funso lovuta" ndi "njira yatsopano". Owerenga sathawa ikweshoni imodzi yaifupi imene angaiwerengere m'mutu. Chimene chimawatopetsa ndi kuuzidwa kuti chinthu chachikulu chachitika osachiona.

Palinso kukokomeza mapeto. Mtsikana amene wakonza cholakwika chimodzi sakhala woyamba m'kalasi sabata yomweyo, ndipo sayamba kuphunzitsa anzake mitu yonse. Maikweshoni okhala ndi x² adzamuvutabe, ndipo n'kwabwino kuti nkhani ivomereze zimenezi. Pa mayeso akhoza kulumpha funso limodzi limene sakulidziwa.

Ena amalakwitsa pa mawu a pa pepala la mayankho, n'kulembanso lamulo lomwe lija m'njira ina: "2 awoloke akagawe." Yankho lituluka lolondola, koma mtsikanayo watsala ndi malamulo awiri a kuwoloka popanda chomuuza nthawi yogwiritsira ntchito lililonse, ndipo pa x/4 = 5 adzasowanso chochita. Mawu a pambali azinena zinthu ziwiri nthawi zonse: chimene nambalayo ikuchita kwa x, ndi chimene tikuchita mbali zonse ziwiri.

Chomaliza ndi cha kalembedwe. Pokonza nkhani, olemba amasintha nambala imodzi n'kuiwala mizere yotsatira. Mukasintha 17 kukhala 19, yankho lolondola likhala 7, yankho la mtsikanayo likhala 12, kutsimikizira kwake kupereka 29 m'malo mwa 25, ndipo mzere wake wa m'mphepete uyenera kukhala x + x = 14. Werengeraninso zonse pa mapepala awiri aja musanatumize nkhaniyo kulikonse.